Kasitadi wa Mazira: Zimene Timakhulupirira ndi Zimene Zimachitika M'poto

Kuno ku Pamodzi, mumzinda wa Ndola, kasitadi timamudziwa pa Khirisimasi, pa maukwati ndi pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mwana. Amabwera ndi jele kapena ndi nthochi zoduladula. Ambiri amene anayesapo kumuphika ndi mazira enieni anakumana ndi tsoka limodzi: m'malo mwa chakudya chosalala, m'poto munatuluka timibulu ta dzira lopsa tikuyandama m'madzi otuwa. Zikatero timafunafuna chifukwa, ndipo zifukwa zimene timapatsana n'zomveka ndithu, poti zimachokera pa luso lathu lophika nsima, phala ndi ndiwo. Koma dzira lili ndi malamulo ake, ndipo tikawaphonya timataya mkaka, shuga, mazira ndi makala, nthawi zina n'kudwalitsa ana.

"Kasitadi ndi ufa uja wa m'sitolo, mazira alibe nawo gawo"

Ambirife tinakula tikudya kasitadi wa ufa, ndiye n'zosadabwitsa kuti timaganiza chonchi. Zoona zake n'zakuti wa mazira ndiye woyamba. Ufa uja anaupanga Alfred Bird, katswiri wa zamankhwala wa ku Birmingham ku England, mu 1837, chifukwa mkazi wake thupi lake silinkayanjana ndi mazira. Ufawo ulibe dzira. Ndi sitachi wa chimanga wothira mtundu wachikasu ndi fungo lokoma. Chimene chimalimbitsa kasitadi wa ufa ndi sitachi, ndipo sitachi amafuna kuwira kuti afufume. Chimene chimalimbitsa kasitadi wa mazira ndi mapuloteni a m'dzira, ndipo mapuloteniwo kuwira amadana nako. Vuto limabwera tikatenga kaphikidwe ka woyambayo n'kukagwiritsa ntchito pa wachiwiriyo.

"Chakudya chimapsa chikawira, ndiye naye abwadamuke kaye"

Pa phala ndi pa nyemba mawuwa ndi oona. Pa kasitadi wa mazira ndiwo amawononga miphika yambiri kuposa china chilichonse.

Mapuloteni a m'dzira laliwisi ali ngati timaulusi topindikapindika, tosiyana tokhatokha. Akamva kutentha amatambasuka n'kuyamba kugwirana. Akagwirana pang'ono, amasunga mkaka pakati pawo, ndipo kasitadi amalimba mosalala. Kutentha kukapitirira, amakumbatirana mwamphamvu n'kufinya madzi onse kunja. Timibulu timene timaona m'poto ndi mapuloteni ofinyanawo, ndipo madzi otuwa aja ndi mkaka umene aukana.

Choyera cha dzira chimayamba kulimba pa madigiri pafupifupi 62 a Selisiyasi, ndipo chachikasu chimayamba cha pa 65. Tikasakaniza zachikasu za mazira ndi mkaka ndi shuga, mapuloteni amatalikirana, choncho amachedwa kugwirana: kasitadi amayamba kulimba kupitirira madigiri 75, amafika pabwino cha pa 82, ndipo akadutsa 85 amayamba kuchita mibulu. Tsono taonani kuyandikana kwake. Pakati pa kupsa bwino ndi kuwonongeka pali madigiri ochepa chabe, amene pa moto waukulu amadutsika m'kanthawi kosakwana mphindi imodzi.

Ndola ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kotero madzi kuno amawira cha pa madigiri 96, osati 100. Ngakhale zili choncho, 96 ndi pamwamba kwambiri pa 85. Tikaona thovu loyamba likuphulika pakati pa poto, tachedwa kale.

Pali mtundu umodzi wokha wa kasitadi wa mazira umene umafunika kuwira, ndiwo wolimba uja woika m'kati mwa keke, umene amathiramo sitachi wochuluka, monga masupuni aakulu anayi pa theka la lita ya mkaka. Sitachi amalowa pakati pa mapuloteni n'kuwaletsa kufinyana. Ameneyu ayenera kuwira mphindi imodzi kapena ziwiri tikutakasa mwamphamvu, chifukwa m'chachikasu cha dzira muli chinthu chogaya sitachi chimene chimatha mphamvu ndi kutentha kwakukulu. Tikamuphula asanawire, madzulo aoneka wolimba koma pofika m'mawa asanduka madzi. Kasitadi wothira pa jele kapena pa zipatso sali m'gulu limeneli. Ena amamuthira supuni yaing'ono imodzi ya sitachi kuti asachite mibulu msanga, ndipo n'zothandiza kwa amene akuphunzira, koma supuni imodziyo si chilolezo chomuwiritsa.

"Ena ali ndi dzanja la kasitadi, ena alibe"

Mawu awa timawanena mwachifundo, pofuna kutonthoza amene zamuvuta. Koma amapweteka, chifukwa mtsikana amene wauzidwa kuti alibe dzanja sayesanso, chikhalirecho cholakwika chinali chimodzi chaching'ono: anakhuthulira mazira ozizira mu mkaka wotentha. Dontho loyamba la dzira likagwera mu mkaka wa madigiri 90, limapsa pomwepo lisanasakanikirane ndi chilichonse. Palibe mthiko umene ungalibwezere.

Tonsefe timadziwa kuti pophika phala sitiwaza ufa wouma m'madzi owira. Timausungunula kaye m'madzi pang'ono, kenaka n'kuthira. Mazira nawo amafuna kukonzedwa asanakumane ndi moto, ndipo njira yake ndi kuwafunditsa: m'malo mopititsa mazira ku mkaka wotentha, timabweretsa mkaka wotenthawo kwa mazira, pang'onopang'ono.

Tiyeni titsate mphika umodzi wokwanira anthu anayi kapena asanu. Tikufunika theka la lita ya mkaka wosachotsa mafuta, zachikasu za mazira asanu, shuga masupuni aakulu asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi vanila supuni yaing'ono imodzi. Moto usanayake, tiike pafupi mbale yoyera yokhala ndi sefa pamwamba pake, ndi beseni la madzi ozizira. Izi zikonzedwe poyamba, chifukwa kumapeto sipakhala nthawi yozifunafuna.

Mkaka tiutenthetse mpaka utayamba kufuka nthunzi ndi kuonetsa timathovu ting'onoting'ono m'mphepete mwa poto. Pamenepo uli cha pa madigiri 80. Tiuphule. M'mbale yakuya tisakanize zachikasu zija ndi shuga pogwiritsa ntchito foloko kapena kawaya kotakasira, kwa mphindi imodzi, mpaka zitasalala. Kuti mbale isayendeyende, tiikhazike pa kansalu konyowa, popeza manja onse awiri akhala pa ntchito.

Tsopano dzanja lina likutakasa osaleka, linalo lithire mkaka wotentha masupuni aakulu atatu kapena anayi okha. Mazira anali pa kutentha kwa m'nyumba, tinene madigiri 25. Mkaka wochepawo ukasakanikirana nawo, zonse zimafika cha pa 45, pamene dzira silingapse. Tithirenso wina wochuluka pang'ono, tikutakasabe. Pofika pamene tathira gawo limodzi mwa magawo atatu a mkaka wonse, zosakanizazo zili pakati pa madigiri 55 ndi 60. Zatentha, koma sizinafike pa 65 pamene chachikasu chimayamba kulimba.

Pachitika zinthu ziwiri. Choyamba, mazira afunda, kotero akabwerera m'poto sadzidzimuka ndi kusiyana kwakukulu kwa kutentha. Chachiwiri, chimene ambiri sachiganizira koma ndicho chachikulu, mapuloteni amwazikana mu mkaka. Sali pamodzi monga analili m'dzira, ndiye ngakhale atenthe, sapeza anzawo pafupi oti afinyane nawo msanga. N'chifukwa chake kutakasa pothira mkaka sikuyenera kuima. Tikathira n'kuima, pamene mkaka wagwera pamapsa kadzira.

Tikatero tikhuthulire za m'mbale zija mu mkaka wotsala m'poto, tikutakasa, n'kubwezera pa moto wochepa.

Chenjezo limodzi pano. Ena, pofuna kufulumiza ntchito, amathira shuga pa zachikasu za mazira n'kuzisiya osasakaniza, akupita kukakoleza moto. Shuga amayamwa madzi a m'dzira, ndipo pamene wakhudza pamauma n'kukhala timadontho tolimba tachikasu timene sitisungunukanso. Mibulu yotereyi imabadwa mphika usanafike n'komwe pa moto. Shuga akangogwera pa mazira, tisakanize nthawi yomweyo.

Tinenenso mosabisa kuti kufunditsa mazira si njira yokhayo. Tikhoza kusakaniza mkaka wozizira, mazira ndi shuga m'poto n'kutenthetsa zonse pamodzi pa moto wochepa. Kasitadi atuluka bwino, kungoti tiima nthawi yaitali tikutakasa, ndipo amene watopa ndiye amakoleza moto kwambiri. Kufunditsa kumafupikitsa nthawi yoopsayo.

"Mazira akafunda, ngozi yatha"

Apa ndi pamene amagwera amene aphunzira kale njira ija. Kufunditsa kumateteza mazira pa nthawi yokumana ndi mkaka basi. Sikusintha malire a madigiri 85. Kasitadi wofunditsidwa bwino akhoza kuchita mibulu patangopita mphindi zitatu ngati moto wakula.

Poto akabwerera pa moto, titakase ndi mthiko kapena supuni yamtengo, tikukanda pansi ponse ndi m'makona, chifukwa pansi pa poto ndi potentha kwambiri kuposa pamwamba, ndipo mibulu imayambira kumeneko tisanaione. Poto wopyapyala amatentha malo amodzi, choncho wokhuthala pansi ndiye woyenera. Pa moto wochepa ntchitoyi imatenga mphindi zisanu mpaka khumi.

Ambirife tilibe choyezera kutentha, koma zizindikiro zilipo. Thovu limene linali pamwamba limayamba kutha. Mthiko umayamba kumva kulemera pang'ono. Tikauzula, kasitadi amamatirira kumbuyo kwake, ndipo tikadutsitsa chala pamenepo, mzere umatsala woonekera osatsekeka. Apo wapsa. Tisadikire kuti alimbe kupitirira apo, chifukwa kasitadi ameneyu ndi wothira, ndipo amawonjezera kulimba akamazizira. Tikaona timadontho tonga mchenga pa mthiko, kapena fungo la dzira lokazinga likayamba kumveka, tapyola malire, tiphule msangamsanga.

Kuphula kokha sikokwanira. Poto amasunga kutentha ndipo amapitiriza kuphika zili m'kati mwake ngakhale ali pansi. Ambiri amaphula kasitadi wabwinobwino, n'kumusiya m'poto momwemo, pobwera n'kupeza mibulu. N'chifukwa chake tinakonzeratu mbale ndi sefa. Tikhuthule nthawi yomweyo kudzera m'sefa, tithire vanila, tikhazike mbaleyo m'beseni la madzi ozizira, tizitakasa mwa apo ndi apo mpaka nthunzi itatha.

"Pa mbaula sizingatheke, pamafunika sitovu"

M'nyumba zambiri za ku Pamodzi, ku Chifubu ndi ku Kawama, mbaula ndiyo imaphika, makamaka magetsi akazima. Ndipo n'zoona kuti makala oyaka bwino ndi aukali kwambiri kwa mazira. Koma mbaula ili ndi njira zake zochepetsera moto. Kasitadi tiphike tikamaliza nsima ndi ndiwo, makala atachita phulusa loyera pamwamba. Tikhoza kuchotsako makala ena, ndipo poto akatentha kwambiri timunyamule kwa kanthawi tikutakasabe, n'kumubwezera.

Njira yodalirika koposa ndi yophikira pa nthunzi. M'poto wamkulu tiikemo madzi pang'ono, awire mofatsa. Pamwamba pake tikhazike mbale yachitsulo yokhala ndi kasitadi, pansi pake posakhudza madziwo. Kutentha kofika ku mbale sikungapose kwa madzi owira, pamene pansi pa poto wokhala pa makala pamatentha kuposa pamenepo kutalitali. Zimatenga nthawi yotalikirapo, mwina mphindi khumi ndi zisanu, ndipo kutakasa kumafunikabe, popeza nthunzi nayo ili pamwamba pa madigiri 85. Koma nthawi yoonera zizindikiro imakhala yokwanira. Kunena zoona, sitovu ya magetsi ya mbale zachitsulo ndi yovuta kuposa mbaula, chifukwa ukaichepetsa imakhalabe yotentha kwa nthawi. Amene akuphikira pa sitovu yotere azichotsa poto pambale yotenthayo, osangodalira kupotokola kabatani.

"Kasitadi wosawira ndi dzira laliwisi, amatsegula m'mimba"

Mantha awa ali ndi maziko. Mazira akhoza kukhala ndi tizilombo totchedwa salimonela, timene timayambitsa kutsegula m'mimba, kusanza ndi kutentha thupi, ndipo timavutitsa kwambiri ana aang'ono, amayi oyembekezera ndi okalamba. Mayi amene amawiritsa kasitadi kuti ateteze ana ake ali ndi cholinga chabwino. Koma tizilomboti timafa chakudya cha mazira chikafika madigiri 71. Kasitadi amene wamatirira ku mthiko wafika cha pa 80. Wapsa ndithu.

Ngozi yeniyeni ili pambuyo pa kuphika, ndipo imeneyi ndiyo timainyalanyaza. Mkaka, mazira ndi shuga ndi chakudya chimene tizilombo timaswanamo msanga. Pa phwando timaphika kasitadi m'mawa, n'kumusiya pa tebulo mpaka madzulo, m'mwezi wa Okutobala pamene kunja kukutentha kupitirira madigiri 30. Supuni imene wina analawira ikabwereramo, kapena chala chosasamba chikakhudza, maola ochepa ndi okwanira kuti mbale yonse ikhale yodwalitsa, ikuoneka ndi kununkhira bwinobwino. Anthu akadwala timaloza mazira osawira, chonsecho cholakwa ndi kasungidwe. Ndipo tisaganize kuti kutenthetsanso kumakonza zonse. Tizilombo tina timasiya poizoni amene satha ndi moto.

Kasitadi akaphikidwa, pasathe maola awiri asanadyedwe kapena kulowa m'filiji. Kukatentha kwambiri, ola limodzi. M'filiji akhale wovindikira, ndipo adyedwe pasanathe masiku awiri. Tikukumbukira mmene magetsi ankazimira maola ambiri mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba. Pa nthawi zotere filiji si yodalirika, ndipo nzeru ndi kuphika wochepa, wothera tsiku lomwelo. Lamuloli ndi lomwelo pa kasitadi wa ufa, chifukwa nayenso ndi wa mkaka.

Mkaka nawo tiulawe tisanauike pa moto. Umene wayamba kusasa umadukaduka wokha ukatentha, mazira asanalowemo n'komwe, ndipo kufunditsa sikungathandize. Mkaka wa ufa wosungunula bwino umagwira ntchito, bola ukhale wa mafuta ake.

"Wa mu uvuni atuluke atauma ngati keke"

Pali kasitadi wina wosatakasa, wophika mu uvuni mpaka atagwirana moti n'kudulidwa ndi supuni. Ameneyu amafuna mazira athunthu, atatu kapena anayi pa theka la lita ya mkaka, chifukwa choyera cha dzira ndicho chimamuthandiza kuima. Amafunditsidwa chimodzimodzi. Mbale yake iikidwe m'chiwaya cha madzi otentha ofika theka la mbaleyo, uvuni uli pa madigiri 150 mpaka 160. Atuluke m'mphepete mutagwirana koma pakati pakugwedezekabe pang'ono, poti amamaliza kulimba ali kunja. Amene wadikiridwa mpaka kuuma amatuluka ndi timabowo m'mbali ndipo amatsika madzi m'mbale. Matenda ake ndi omwe aja, mapuloteni ofinyana.

"Akachita mibulu ndi wotaya basi"

Mazira asanu ndi theka la lita ya mkaka si zinthu zotaya mwachisawawa masiku ano. Ngati mibulu yangoyamba kumene, yaing'ono ngati mchenga, kasitadi akhoza kupulumuka. Tichotse pa moto, tikhuthulire m'mbale yozizira, tithiremo mkaka wozizira masupuni awiri kapena atatu kuti kuphika kuime, titakase mwamphamvu ndi kawaya, kenaka tisefe. Amene ali ndi makina ogayira zipatso amugaye kwa theka la mphindi. Mapuloteni ofinyana sabwerera mwakale, koma timibulu timaphwanyika n'kukhala tating'ono kwambiri moti lilime silitimva. Atuluka wamadzi pang'ono kuposa mmene tinkafunira, koma wodyeka pamaso pa alendo.

Ngati wafika pa zibuma zikuluzikulu, madzi ali padera, fungo lili la dzira lokazinga, kusalala sikubweranso. Komabe si woopsa kudya, ndi mazira opsa kwambiri chabe. Tikhoza kumugaya n'kuthira pa buledi wogona, kuika mu uvuni, ana n'kudya.

Chimene sitiyenera kuchita ndi kumubwezera pa moto waukulu poganiza kuti mibulu isungunuka monga imachitira ya ufa. Moto ndi umene unaibweretsa, ndipo moto wina umangoilimbitsa. Mukaona timadontho toyamba pa mthiko, phulani poto, khuthulirani m'mbale yozizira, ndipo musamubwezerenso pa makala.